Miyezi Kutsika, Nthambi Kupingasa

Mayi wina amene ali ndi sitolo za malata, simenti ndi penti ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anandibwezera mapepala amene ndinawasindikizira asanafike ndi pa tsamba lachiwiri lomwe. Ndinali nditawatulutsira malonda a chaka chonse kuchokera m'kompyuta yawo, manambala onse ali olondola, koma iwo anangopukusa mutu.

"Achimwene, izi ndiwerenga mpaka liti? Ine ndikufuna ngati buku la kubanki m'khonde. Miyezi itsike m'munsi, masitolo akhale pamwamba. Ndikaika chala pa Malichi, ndione Limbe, ndione Lilongwe, ndione Mzuzu, basi."

Sanalakwitse. Aliyense amene anasungapo buku la gulu amadziwa kalembedwe kameneka. Umajambula mizere ndi lula, mbali ina mayina, mbali ina miyezi, ndipo pamene ziwirizi zakumana ndi pamene ulemba ndalama. Vuto n'lakuti kompyuta sisunga malonda choncho. Imasunga ngati mulu wa malisiti: malonda aliwonse ali ndi mzere wakewake, wonena tsiku, nthambi ndi ndalama, wina pansi pa unzake mpaka zikwizikwi. Kasungidwe kameneka n'kabwino kwa kompyuta, chifukwa nthambi yatsopano ikabwera sipafunika kujambulanso buku, mizere imangowonjezereka. Koma diso la munthu silifananitsa zinthu zimene zatalikirana ndi mizere makumi atatu. Ntchito ndiye ndi yotembenuza mulu wautaliwo kuti ugone chopingasa, ndipo anthu a makompyuta amaitcha pivoti.

Malonda a mayiwa amasungidwa mu detabesi, ndipo detabesi imafunsidwa mafunso m'chinenero chotchedwa SQL, chimene anachiyambitsa Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce ku kampani ya IBM m'ma 1970. Kuti tione bwino zimene zimachitika, tiyerekeze kuti m'miyezi iwiri munagulitsidwa zinthu kasanu ndi kawiri kokha. Tebulo lake litchedwe `malonda`, ndipo lili chonchi:

```
tsiku       nthambi    ndalama
2024-01-05  Limbe      400000
2024-01-09  Mzuzu      150000
2024-01-18  Limbe      250000
2024-01-27  Lilongwe   500000
2024-02-03  Lilongwe   300000
2024-02-14  Limbe      200000
2024-02-20  Lilongwe   350000
```

Zimene ndinawapatsa poyamba zija zinali zosavuta kupanga. Ndinauza detabesi kuti iunjike malisiti potengera mwezi ndi nthambi, ndi lamulo la `GROUP BY`, kenako iwonkhetse mulu uliwonse ndi `SUM`. Zotsatira zake ndi mzere wa Januwale Limbe, wina wa Januwale Lilongwe, wina wa Januwale Mzuzu, n'kumapita choncho. Nthambi zitatu pa miyezi khumi ndi iwiri ndi mizere 36. Palibe cholakwika, koma sizimene anapempha.

Kuti nthambi zikwere pamwamba, umasiya kuunjika potengera nthambi. Umaunjika potengera mwezi wokha, moti malisiti onse a Januwale akhala mulu umodzi, a Limbe ndi a Mzuzu osakanikirana. Kenako m'malo mowonkhetsa muluwo kamodzi, umauwonkhetsa katatu, ulendo uliwonse ndi funso lakelake.

Taganizani kuti mwakhala pa mkeka ndi malisiti anayi a Januwale, kutsogolo kwanu kuli mbale zitatu. Mwatola lisiti loyamba, la K400,000. Mufunsa mbale yoyamba: kodi ili n'la ku Limbe? Inde, ndiye muponyamo K400,000. Mufunsa mbale yachiwiri: n'la ku Lilongwe? Ayi, ndiye muponyamo ziro. Yachitatu chimodzimodzi, ziro. Mutola lisiti lachiwiri n'kulidutsitsanso pa mbale zonse zitatu. Malisiti akatha muwerenga zimene zili m'mbale iliyonse, ndipo mwapeza mzere umodzi wa lipoti. Uku ndiye kuwonkhetsa mosankha, ndipo m'chinenero cha SQL funso la pa mbale limalembedwa ndi mawu akuti `CASE WHEN`:

```sql
SELECT to_char(tsiku, 'YYYY-MM') AS mwezi,
  SUM(CASE WHEN nthambi = 'Limbe'    THEN ndalama ELSE 0 END) AS limbe,
  SUM(CASE WHEN nthambi = 'Lilongwe' THEN ndalama ELSE 0 END) AS lilongwe,
  SUM(CASE WHEN nthambi = 'Mzuzu'    THEN ndalama ELSE 0 END) AS mzuzu
FROM malonda
GROUP BY mwezi
ORDER BY mwezi;
```

Musaope kutalika kwake. Mizere itatu yapakatiyo ndi mzere umodzi womwewo, dzina la nthambi lokha ndi limene lasintha. Uliwonse ukunena kuti: nthambi ikakhala yakuti, tenga ndalama, apo ayi tenga ziro, ndipo wonkhetsa zonse zimene watenga. Mbale ya Limbe mu Januwale ilandira 400000, 0, 250000 ndi 0, zimene zikwana 650000. Lipoti lituluka chonchi:

```
mwezi    limbe   lilongwe  mzuzu
2024-01  650000  500000    150000
2024-02  200000  650000    0
```

Kalembedwe ka `to_char` n'ka detabesi ya PostgreSQL. Amene ali ndi MySQL amalemba `DATE_FORMAT(tsiku, '%Y-%m')`, amene ali ndi SQLite amalemba `strftime('%Y-%m', tsiku)`. Mizere ya `SUM` ndi `CASE` ija imakhala yomweyo kulikonse, chifukwa `CASE` analowa m'malamulo ovomerezeka a SQL kalekale mu 1992. Chofunika kuchiona pa mzere wa mwezi n'chakuti wanyamula chaka. Anthu ambiri poyamba amatenga nambala ya mwezi yokha, 1 mpaka 12, ndipo chaka choyamba zonse zimayenda bwino. Chaka chikatembenuka, Januwale wa 2024 ndi Januwale wa 2025 amagwera m'mbale imodzi, ndiye bwana amadabwa kuti mwezi wa njala wagulitsa kuposa mwezi wokolola. Kuyamba ndi chaka kuli ndi phindu linanso: miyezi imadzindandalika yokha molondola, pamene mukailemba ndi mayina kompyuta iisanja motsata afabeti, mwezi wachinayi n'kukhala pamwamba pa woyamba.

Tsopano yang'anani ziro wa Mzuzu mu Febuluwale. Mayi aja atamuona anaimitsa chala pomwepo.

"Ndiye kuti mwezi wonse ku Mzuzu sanagulitse ngakhale msomali umodzi?"

Sindinathe kuwayankha, chifukwa ziro ameneyo sanachokere ku Mzuzu. Ndinamuika ndine, ndi mawu aja akuti `ELSE 0`. Chimene detabesi ikudziwa n'chakuti mu Febuluwale mulibe lisiti la Mzuzu. Mwina sitolo inali yotseka. Mwina inagulitsa bwinobwino, koma netiweki inavuta ndipo malisiti sanafike ku likulu. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ziro amazibisa zonse ndi nkhope imodzi. Mukachotsa `ELSE 0`, lisiti losakhudzidwa siliponya kanthu m'mbale. SQL ali ndi dzina la kupanda kanthu kumeneku, `NULL`, ndipo `SUM` amangokudumpha. Mbale ikatha mwezi wonse osalandira kanthu, bokosi lake pa lipoti limatuluka lopanda nambala. Ine masiku ano ndimakonda bokosi lopanda kanthulo pa lipoti la bwana, chifukwa limachititsa munthu kutola foni n'kufunsa. Ziro amaoneka ngati yankho, ndiye palibe amafunsa. Koma samalani ngati mukufuna kuphatikiza makolamu pambuyo pake, chifukwa mu SQL nambala iliyonse mukaiphatikiza ndi `NULL` yankho ndi `NULL`. Mzuzu yekha akasowa, kuphatikiza Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu kumabweretsa bokosi lopanda kanthu. Mankhwala ake ndi `COALESCE`, amene amasandutsa kupanda kanthu kukhala ziro pamalo okhawo pamene mwamuika.

Pa kuwonkhetsa ndalama, kusankha pakati pa ziro ndi kupanda kanthu n'kwa maonekedwe ndi tanthauzo chabe, nambala sizisintha. Mukangosintha funso, ziro uja amaluma. Tinene kuti bwana akufuna kudziwa kuti nthambi iliyonse inagulitsa kangati. Munthu amakopera mzere womwe uja, n'kusintha `SUM` kukhala `COUNT`, n'kulemba `THEN 1 ELSE 0`. Lipoti lituluka likunena kuti mu Januwale Limbe inagulitsa kanayi, Lilongwe kanayi, Mzuzu kanayi. Zoona zake ndi kawiri, kamodzi ndi kamodzi. `COUNT` sayang'ana kukula kwa chimene chagwera m'mbale, amangowerenga kuti mwagwa kanthu, ndipo ziro ndi kanthu. Chizindikiro cha matendawa n'chosavuta: makolamu onse amafanana ngati mapasa pa mzere uliwonse. Mukaona zimenezo, chotsani `ELSE 0`, kapena bwererani kwa `SUM` ndipo muwonkhetse ma 1 ndi ma 0.

Avereji ndiye imanama mwaulemu, moti kuigwira n'kovuta. Malonda awiri a Limbe mu Januwale, K400,000 ndi K250,000, avereji yake ndi K325,000. Mukasiya `ELSE 0` mkati mwa `AVG`, detabesi igawa K650,000 ndi malisiti onse anayi a mweziwo n'kukupatsani K162,500. Nambala imeneyi siikuwa. Ikhoza kudutsa pa msonkhano wonse popanda woikayikira, ndipo manijala wa ku Limbe n'kukalipidwa kuti makasitomala ake akugula zochepa.

Komabe cholakwika chimene chinandichititsa manyazi sichinali chimenechi.

Lipoti lija linayenda bwino, ndipo mayi aja analikonda. Mu Malichi anatsegula kasitolo kena ku Zomba. Ine sindinauzidwe, ndipo panalibe chifukwa choti andiuze, popeza sindine wantchito wawo wa tsiku ndi tsiku. Mnyamata wa ku Zomba ankalowetsa malisiti ake m'kompyuta monga anzake onse. Mwezi utatha lipoti linatuluka lokongola ngati kale: Limbe K600,000, Lilongwe K450,000, Mzuzu K180,000. Akauntanti wawo anaphatikiza zitatuzi n'kupeza K1,230,000, pamene buku lake la ndalama zolowa linkanena K1,450,000. Panasowa K220,000, ndipo pamene ndalama zasowa pa sitolo, maganizo a anthu sathamangira ku kompyuta. Amathamangira kwa munthu. Kunapita mafoni awiri kapena atatu osakoma ku nthambi wina asanakumbuke kundiimbira.

Ndalamazo sizinapite kulikonse. Lisiti la Zomba linadutsa pa mbale zanga zitatu, iliyonse inafunsa funso lake, iliyonse inayankhidwa kuti ayi, ndipo iliyonse inalandira ziro. Detabesi sinadandaule chifukwa palibe lamulo limene linaphwanyidwa. Apa ndiye pali kufooka kwenikweni kwa njira imeneyi. Mayina a nthambi mumawalemba ndi dzanja lanu m'funso, tsiku limene mukulemba funsolo, ndipo chilichonse chimene simunachitchule chimagwera pansi mwakachetechete. Lipoti lalitali lija, limene linakanidwa, likanaonetsa Zomba palokha popanda kuuzidwa, chifukwa `GROUP BY` amapanga mulu wa dzina lililonse limene walipeza. Pogoneka lipoti chopingasa tinagula kuwerengeka, koma tinalipira ndi chitetezo chimenechi.

Ndipo sipafunika nthambi yatsopano kuti ndalama zigwe chonchi. N'zokwanira kuti kalaliki wina alembe `LL` m'malo mwa `Lilongwe`, monga momwe tonse timalembera pa foni. Kapena alembe `mzuzu` ndi chilembo chaching'ono, chimene PostgreSQL amachiona ngati dzina lina, ngakhale MySQL kawirikawiri sasiyanitsa. Choipitsitsa ndi kampata kotsalira kutsogolo kwa dzina, kamene diso silingakaone pa sikirini ngakhale mutayang'anitsitsa bwanji. Mungathe kuchepetsa mavutowa polemba `UPPER(TRIM(nthambi)) = 'MZUZU'`, zimene zimadula timipata ndi kukweza zilembo zonse musanafananitse. Koma `LL` sangachire ndi zimenezo. Kuchira kwenikweni n'kwakuti kalaliki asamalembe dzina la nthambi ndi dzanja, azisankha pa mndandanda, ndipo nthambi iliyonse ikhale ndi nambala yake m'tebulo lapadera.

Zimenezo zimatenga nthawi ndi ndalama. Chimene ndinachita madzulo omwewo chinali kuwonjezera mizere iwiri yokha m'funso lija, pansi pa mzere wa Mzuzu, nditaika kaye kakoma kumapeto kwake:

```sql
  SUM(CASE WHEN nthambi IN ('Limbe', 'Lilongwe', 'Mzuzu')
      THEN 0 ELSE ndalama END) AS zina,
  SUM(ndalama) AS zonse
```

Kolamu ya `zonse` ilibe funso. Imawonkhetsa lisiti lililonse la mweziwo, kaya n'la kuti, choncho ndi mboni yosadalira mbale zija. Kolakwika n'kuipanga pophatikiza makolamu atatu aja, chifukwa pamenepo idzangobwereza bodza lawo. Kolamu ya `zina` ndi mbale yachinayi, yotolera chilichonse chimene zitatu zija zakana. Mwezi wabwino imaonetsa ziro. Mu Malichi inaonetsa 220000, ndipo `zonse` inaonetsa 1450000, ndendende ndi buku la akauntanti.

Onani momwe funso la `zina` lalembedwera, chifukwa si mwangozi. Likunena kuti nthambi ikakhala imodzi mwa zitatu zodziwika, ziro, china chilichonse tenga ndalama. Munthu akhoza kuganiza kuti kulitembenuza n'kulemba `NOT IN` n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi pa lisiti limene nthambi yake sinalembedwe n'komwe. Mukafunsa SQL ngati `NULL` ali m'gulu kapena sali m'gulu, mafunso onse awiri amayankha kuti sizikudziwika, ndipo `WHEN` amalola chokhacho chimene chayankhidwa kuti inde. Choncho ndi `NOT IN`, lisiti lopanda nthambi likanathawanso mbale yachinayi. Mukaika ndalama kumbali ya `ELSE`, palibe pothawira, chifukwa `ELSE` amalandira zonse zotsala.

Mboni imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira ndalama zimene zagwera pakati pa makolamu, koma siigwira ndalama zimene zinawerengedwa kawiri zisanafike pa mbale. Izi zimachitika mukalumikiza tebulo la malonda ndi tebulo lina. Tinene kuti lisiti limodzi la K400,000 lili ndi katundu wa mitundu itatu, malata, misomali ndi penti, ndipo katunduyo amasungidwa m'tebulo lake, mtundu uliwonse pa mzere wake. Mukalumikiza matebulo awiriwa ndi `JOIN`, lisitilo lioneka katatu, ndipo K400,000 isanduka K1,200,000 mu kolamu ya Limbe ndi mu `zonse` momwe. Makolamu adzagwirizana bwinobwino, onse akunama limodzi. Chogwira zimenezi chili kunja kwa lipoti: tengani mwezi umodzi, wonkhetsani `ndalama` pa tebulo la `malonda` lokha musanalumikize kanthu, ndipo mufananitse. Bwino koposa, fananitsani ndi buku la akauntanti, monga zinachitikira mwangozi kwa mayi aja.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi `CASE` pamene pali zida zopangidwira ntchito yomweyi. Zilipodi. SQL Server ali ndi lamulo la `PIVOT` kuyambira mu mtundu wake wa 2005, ndipo Oracle analibweretsa mu 11g. MySQL alibe. PostgreSQL kuyambira mu 9.4, wa mu 2014, amalola kulemba mwachidule chonchi, `SUM(ndalama) FILTER (WHERE nthambi = 'Limbe')`, zimene zimawerengeka bwino ndipo zilibe msampha wa `ELSE 0`. Koma `PIVOT` wa SQL Server amafunanso kuti mutchule mayina a makolamu ndi dzanja, ndiye Zomba akanagwa chimodzimodzi. Gwero lake n'lakuti detabesi imafuna kudziwa kuti lipoti likhala ndi makolamu angati isanayambe kuwerenga malisiti. Ine ndimakhalabe ndi `CASE` chifukwa amayenda pa detabesi iliyonse imene ndingaipeze mu ofesi ya munthu, ndipo amene adzabwere pambuyo panga akhoza kumuwerenga mzere ndi mzere ngakhale sanaphunzire zambiri.

Nthambi zikachuluka nkhani imasintha. Zitatu kapena zisanu zimakwana pa pepala. Makumi anayi sizikwana, ndipo palibe amene angasamale mizere makumi anayi ya `CASE` popanda kulakwitsa dzina limodzi. Ena amalemba pulogalamu imene imayamba yawerenga mayina a nthambi n'kudzilembera yokha funsolo. Zimatheka, koma zikavuta kuzikonza n'kowawa. Ena amatulutsa lipoti lalitali lija n'kukalitembenuza mu Excel, amene amapanga kolamu ya dzina lililonse limene walipeza, ngakhale `LL` amupatsa kolamu yakeyake, zimene zili bwino chifukwa cholakwikacho chimaonekera. Njira imene ndimalangiza kawirikawiri ndi kutembenuza lipoti lonse: nthambi zitsike m'munsi, miyezi ikhale pamwamba. Muunjika potengera nthambi, ndipo funso la pa mbale likhala lakuti lisiti ili n'la mwezi uti, mutasefa kaye chaka chimodzi ndi `WHERE`. Nthambi yatsopano imadzibweretsera mzere wake, ndipo palibe bwana amene adzatsegule mwezi wa 13 osakuuzani.

Ndinawauza mayi aja zimenezi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati masitolo awo ndi anayi okha ndipo anazolowera kuona miyezi ikutsika. Ndinawonjezera mzere wa Zomba, n'kulembanso dzinalo m'funso la `zina`, chifukwa mukaiwala pamenepo ndalama za Zomba zioneka pawiri, mu kolamu yake ndi mu `zina`. Iwo anatenga pepala latsopanolo, n'kuzunguliza mutu wa kolamu ya `zina` ndi bolopeni yofiira, n'kuuza akauntanti wawo kuti mwezi uliwonse aziyamba wayang'ana pamenepo.